Rigiresheni ya zokolola za chimanga: mzere wanga walakwika pati?

Nachisale_Ndirande
Muli bwanji akuluakulu a pagulu pano. Ndili chaka chomaliza kukoleji kuno ku Blantyre ndipo pulojekiti yanga ndi ya feteleza pa chimanga. Tinalima munda ku Lunzu, mapoloti 20, ndipo tinathira naitirojeni milingo isanu: 0, 23, 46, 69 ndi 92 makilogalamu pa hekitala. Mundawo tinaugawa m'zigawo zinayi zotchedwa mabuloko, ndipo mlingo uliwonse unali m'mapoloti anayi, poloti imodzi m'buloko iliyonse. Maavereji a zokolola, m'makilogalamu pa hekitala, ndi awa motsatana: 1,420, 2,480, 3,310, 3,760 ndi 4,030. Ndajambula gilafu mu Excel, ndaika Trendline, yandipatsa R² ya 0.94. Ndinasangalala kwambiri. Koma aphunzitsi ondiyang'anira andibwezera pepala, angolemba kuti ndibwereze ndi mapoloti onse ndipo ndiyang'ane zotsala. Iwo apita kumsonkhano ndipo lipoti likufunika Lachisanu. Chalakwika n'chiyani pamene 0.94 ili pafupi ndi 1?

Mjomba_wa_Limbe
0.94 ndi yabwino kale imeneyo achemwali. Koma ngati akufuna yoposa pamenepo, pitani pa Format Trendline, sankhani Polynomial, muike Order 4. Mudzaona ikufika pa 1 ndendende. Ine ndinaona zikutheka.

GogoChiwerengero
A Mjomba, kutheka kumatheka, koma musamuphunzitse mwana zimenezo. Madontho ali asanu. Mzere wa Order 4 uli ndi manambala asanu oti uwasinthe, ndiye umadutsa pa dontho lililonse ngakhale manambalawo mutawatola mumsewu. 1 ameneyo sakunena kanthu za chimanga.

Mwanangu Nachisale, aphunzitsi ako anena zinthu ziwiri zosiyana, tiyambe ndi choyamba. Iwe unakolola mapoloti 20 koma kompyuta waipatsa manambala asanu. Potenga avereji wabisa kusiyana kwa mapoloti amene analandira feteleza wofanana, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumatiuza kuti zotsatira zako tingazikhulupirire mpaka pati. Konza tebulo lako chonchi: mzere umodzi poloti imodzi, danga A nambala ya buloko, danga B naitirojeni, danga C zokolola, mitu pamzere woyamba. Ukatero pita pa Data, kenako Data Analysis, usankhe Regression. Pa Input Y Range uike C1:C21, pa Input X Range uike B1:B21, uchonge Labels, Residuals ndi Residual Plots. Utiuze zimene zatuluka.

Nachisale_Ndirande
Zikomo agogo. Koma pa Data sindikuona Data Analysis.

Kabaza_Zingwangwa
Imakhala yozimitsa. File, Options, Add-ins, pansi pa Manage pakhale Excel Add-ins, dinani Go, chongani Analysis ToolPak. Ituluka kumapeto kudzanja lamanja pa Data.

MlimiWaChileka
Pepani kulowerera. Ine ndikuona vuto ndi kathiridwe. Feteleza wokulitsa amafuna athiridwe chimanga chitangomera, wobereketsa pakatha masabata atatu kapena anayi. Mukachedwa ngakhale muthire matumba angati simuphula kanthu. Munathira liti achemwali? Komanso mizere yanu inatalikirana bwanji?

Nachisale_Ndirande
Tinathira pa nthawi yake bambo, mapoloti onse tsiku limodzi. Mizere masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Mzere umene ndikudandaula nawo ndi wa pagilafu, osati wa kumunda.

Agogo, ndachita. R Square yatsika, yafika 0.83. Intercept ndi 1700, nambala ya naitirojeni ndi 28.26, Standard Error yake 3.03. Koma mtima wanga wasweka, chifukwa P-value yalembedwa 2.6E-08. Tinaphunzira kuti izikhala yochepera 0.05, ndiye 2.6 si ndiye kuti feteleza sanagwire ntchito?

Kabaza_Zingwangwa
Ayi achemwali, werengani mpaka kumapeto. E-08 akutanthauza kuti kadontho kasunthe malo asanu ndi atatu kumanzere, ndiye nambalayo ndi 0.000000026. Ndi yaing'ono zedi. Mu lipoti mungolemba p < 0.001.

Mjomba_wa_Limbe
Koma mwaona, R yatsika. Kuchoka 0.94 kufika 0.83 mwana wataya mamalikisi. Bwanji osangosiya za maavereji zija?

GogoChiwerengero
Sanataye kanthu a Mjomba. Taonani kuti mzere sunasinthe. Pa maavereji asanu aja ukanapeza 1,700 ndi 28.26 omwewa, chifukwa mlingo uliwonse uli ndi mapoloti ofanana kuchuluka. Chimene chasintha ndi choti tsopano tikuona kubalalika kwenikweni kwa munda. 0.94 inkanena za maavereji, 0.83 ikunena za mapoloti, ndipo mlimi amakolola poloti, sakolola avereji. Woyesa lipoti wodziwa ntchito akaona 0.94 pa madontho asanu amafunsa kuti ena 15 apita kuti.

Tsopano chachiwiri, chimene kwa ine ndi chachikulu. Mzere wako ukunena kuti zokolola = 1,700 + 28.26 kuchulukitsa ndi naitirojeni. Tiyeni tiuyese pa milingo yako. Pa 0 ukulosera 1,700 pamene unakolola 1,420, ndiye wapitirira ndi 280. Pa 23 ukulosera 2,350, iwe unapeza 2,480, waperewera ndi 130. Pa 46 ukulosera 3,000, unapeza 3,310, waperewera ndi 310. Pa 69 waperewera ndi 110. Pa 92 ukulosera 4,300 pamene munda unapereka 4,030, wapitiriranso ndi 270. Zotsala ndi zimenezi, kusiyana kwa chimene unakolola ndi chimene mzere ukulosera. Zikanakhala zongobalalika, zina pamwamba zina pansi mosatsata dongosolo, tikanati mzere wowongoka wakwanira. Koma zako zayamba pansi, zakwera pakati, zatsikanso kumapeto. Tayang'ana gilafu ya Residual Plot, uona ngati uta. Aphunzitsi ako anaona utawo pa maavereji pomwepo.

Nachisale_Ndirande
Ndauona! Madontho a pakati ambiri ali pamwamba pa ziro, a m'mbali ali pansi. Ndiye kuti chimanga sichikukwera mofanana?

Namadzi_Alangizi
Eya, ndipo zimenezo mlimi aliyense amazidziwa ngakhale sanagwirepo kompyuta. Thumba la yuriya la makilogalamu 50 lili ndi naitirojeni 46 pa 100 aliyense, ndiye kuti makilogalamu 23. Sitepe iliyonse ya milingo yanu ndi thumba limodzi pa hekitala. Mzere wowongoka ukunena kuti thumba lililonse limabweza makilogalamu 650 a chimanga, matumba 13, kaya ndi loyamba kaya lachinayi. Koma pa manambala anu thumba loyamba labweza 1,060, lachiwiri 830, lachitatu 450, lachinayi 270 basi. Mukalemba 28.26 yekhayo, munthu wa thumba limodzi mwamuchepetsera phindu lake, wa matumba anayi mwamulonjeza zimene sadzaziona.

Funso langa limodzi: milingoyi munaikweza ndi yuriya yekha, kapena ndi NPK? Chifukwa mukakweza ndi NPK, fosifolasi nayenso amakwera limodzi, ndipo simunganene kuti wagwira ntchito ndi naitirojeni.

Nachisale_Ndirande
Yuriya yekha amalume. Fosifolasi tinathira wofanana m'mapoloti onse, ngakhale a ziro.

Namadzi_Alangizi
Mwachita bwino. Chiganizo chimenecho chilowe mu gawo la njira zimene munatsata.

GogoChiwerengero
Ndiye tiukhotetse mzerewo, koma kamodzi kokha. Lowetsa danga latsopano pakati pa naitirojeni ndi zokolola, kuti B akhale naitirojeni, C akhale naitirojeni wochulukitsidwa ndi iye mwini, D akhale zokolola. Mu C2 lemba izi n'kukokera pansi mpaka C21:

```
=B2^2
```

Danga latsopanoli liyenera kugundana ndi B, chifukwa Input X Range salola madanga otalikirana. Bwereza Regression, Y akhale D1:D21, X akhale B1:C21.

Thoko_Bangwe
Ine ndilibe laputopu, ndimagwiritsa Google Sheets pafoni ndipo Data Analysis mulibe. Pali njira?

Kabaza_Zingwangwa
Ilipo, ndipo imagwira konse konse:

```
=LINEST(D2:D21,B2:C21,TRUE,TRUE)
```

Imatulutsa mizere isanu. Woyamba ndi manambala a fomula, wachiwiri ndi Standard Error ya iliyonse, ndipo R² ili pa mzere wachitatu kumanzere. Koma samalani kwambiri: imayamba ndi danga lomaliza. Nambala yoyamba kumanzere ndi ya C, yachiwiri ndi ya B, yomaliza ndi poyambira. Mnzanga wina anazisinthanitsa, fomula yake inkalosera zokolola zosatheka, tinakhala usiku wonse tikufufuza. P-value siipereka, mumagawa nambala ndi Standard Error yake n'kuika mu T.DIST.2T pamodzi ndi nambala ya pa mzere wachinayi, danga lachiwiri. Ngati yatuluka ndi chizindikiro chochotsera, chichotseni kaye.

Nachisale_Ndirande
Magetsi anathima, ndangobwerera kumene. Zatuluka izi: Intercept 1420, naitirojeni 52.61, danga latsopano -0.2647 ndipo P-value yake 0.013. R Square 0.88, Adjusted R Square 0.87, pamene pa mzere wowongoka inali 0.82. Standard Error ya pamwamba pa tebulo yatsika kuchoka 441 kufika 376. Uta uja wasowa pa zotsala.

Mjomba_wa_Limbe
Si ndinanena ine kuti Polynomial? Mwafika pomwe ndinayambira.

GogoChiwerengero
Pa kukhota munalondola a Mjomba, ndikuvomera. Tinasiyana pa chifukwa chake. Sitinakhotetse kuti R Square ikwere, chifukwa imeneyo imakwera nthawi zonse mukawonjezera danga, ngakhale danga la manambala a nsapato za ophunzira. Takhotetsa chifukwa zotsala zinaonetsa uta, chifukwa mbewu imachitadi choncho, ndipo p ya 0.013 ikuti kukhotako n'kovuta kukunena kuti kwangochitika mwamwayi. Order 2 ili ndi tanthauzo kumunda. Order 4 ilibe.

Chisomo_Machinjiri
Nkhaniyi yandikumbutsa zanga. Ine pulojekiti yanga inali yofunsa alimi 60 ku Lirangwe, osati munda woyesera. Ena ankandiuza zokolola m'matumba, ena m'ngolo, ena chimanga chosatonola, ndipo minda ankaitchula m'maekala. Ine ndinasakaniza maekala ndi mahekitala m'danga limodzi, pamene ekala imodzi ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala. Gilafu inatuluka ndi magulu awiri a madontho, lina pamwamba lina pansi. Nditakonza, R Square inali yochepabe, sinafike ndi theka lomwe. Ndinalira, koma aphunzitsi anati pa deta ya mafunso zimenezo si zachilendo. Chimene anandikaniza ndi kulemba kuti feteleza ndiye wachititsa. Alimi othira wambiri ndi omwenso anagula mbewu ya haibulidi, anadzala ndi mvula yoyamba, analemba aganyu opalira. Ndiye Nachisale nawenso usalembe kuti wachititsa.

Namadzi_Alangizi
Pamenepo pali kusiyana a Chisomo. Inu alimi anadzisankhira okha feteleza. Mnzanuyu anagawa yekha milingo m'mapoloti, mbewu imodzi, tsiku limodzi. Ngati anagawa mwa maere, ali ndi ufulu wonena kuti kusiyanako kwabwera ndi naitirojeni, pa munda umenewo, chaka chimenecho.

Nachisale_Ndirande
Tinachita maere, timapepala m'chipewa, buloko iliyonse payokha. Tsopano ndawerengera pamene mzere wafika pamwamba penipeni. Ndagawa 52.61 ndi kawiri ka 0.2647, ndapeza 99. Ndilembe kuti alimi a ku Lunzu azithira makilogalamu 99?

GogoChiwerengero
Usalembe choncho mwanangu. Masamu wachita bwino, koma mlingo wako waukulu unali 92. Pa 99 sunakololepo chimanga, ndi fomula yokha imene yafikako. Ndiponso nambala ya kukhota ija, 0.2647, ili ndi Standard Error ya pafupifupi 0.095. Ikasuntha pang'ono, nsonga ija imasuntha kwambiri. Fomula ya mtundu umenewu imakakamiza mzere kutsika ukadutsa nsonga, pamene chimanga chenicheni nthawi zambiri chimangofika poima n'kukhala pomwepo. Chimene deta yako ikuonetsa bwino ndi choti phindu la thumba lililonse likuchepa, ndipo pofika 92 latsala pang'ono. Lemba chimenecho. 99 ungamutchule, koma unene kuti ali kunja kwa milingo imene unayesa.

Namadzi_Alangizi
Ndiwonjezere. Ngakhale nsongayo ikanakhala mkati, mlimi safuna zokolola zapamwamba penipeni, amafuna pamene ndalama ya feteleza ikubwerera. Tengani mtengo wa thumba la yuriya mugawe ndi 23, mwapeza mtengo wa kilogalamu ya naitirojeni. Mugawenso ndi mtengo wa kilogalamu ya chimanga. Tinene kuti mwapeza 10, kutanthauza kuti makilogalamu 10 a chimanga ndiwo agula kilogalamu imodzi ya naitirojeni. Chotsani 10 pa 52.61 musanagawe ndi 0.5294, mupeza pafupifupi 80. Mukapeza 20, yankho litsika kufika pafupifupi 62. Manambala 10 ndi 20 ndangoperekera chitsanzo, inu mupite ku Limbe mukafunse mitengo ya sabata ino ndipo mulembe tsiku limene munafunsa. Mtengo wa chimanga wa mu Meyi ndi wa mu Januwale ndi zinthu ziwiri, ndiye muonetse onse awiri.

MlimiWaChileka
Apa ndiye mwayankhula chilankhulo changa. Ine ndikakhala ndi matumba awiri okha ndimawamwaza munda wonse, sindiunjika pa theka. Ana anga ankati ndikulakwitsa.

Namadzi_Alangizi
Pa manambala a mwanayu simukulakwitsa bambo. Matumba awiri pa hekitala yonse apereka 3,310. Mukaunjika pa theka, thekalo lilandira mlingo wa 92 ndipo linalo ziro, avereji ya 4,030 ndi 1,420 ndi 2,725. Koma ndi munda wa ku Lunzu umenewo, wanu sitinauyese.

Thoko_Bangwe
Funso lina. Poloti yanga imodzi inali pafupi ndi chulu, yabereka kuposa zonse ngakhale sinalandire feteleza. Ikukoka mzere wonse. Ndiifufute?

Chisomo_Machinjiri
Ife chaka cha namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anzathu ena mapoloti awo anakokoloka ndi madzi. Ena analemba 0 pa zokolola, ena anasiya malo opanda kanthu. Mpaka lero sindidziwa analondola ndani.

GogoChiwerengero
Poloti yokokoloka si ziro, chifukwa ziro akunena kuti feteleza uja anabereka chimanga chopanda kanthu. Imeneyo ndi poloti yotayika. Uchotse mzere wake wonse, chifukwa Regression ya mu Excel imakana malo opanda nambala, ndipo ulembe mu lipoti kuti yatayika ndi madzi. Ya chulu ndi yovutirapo. Thoko, ngati unalemba za chulucho m'buku la kumunda usanaone zokolola, uli ndi chifukwa chomveka. Ine ndikanachita kawiri, nayo ndi popanda iyo, n'kuonetsa zonse. Choletsedwa ndi kufufuta mwakachetechete chifukwa choti ikuipitsa gilafu.

Sadziwa_Mpemba
Ndawerenga zonse ndipo pali chimene simunachikhudze agogo. Mwanayu wati anali ndi mabuloko anayi. Danga A lija mwalisiya kunja. Ngati munda uli wotsetsereka, buloko ya kumunsi imakhala ndi chinyezi chambiri, ndipo kusiyana kumeneko kwalowa mu 376 uja. Kuyesera kotere ife tinaphunzira kuti kumafuna ANOVA, osati rigiresheni. Mu Data Analysis momwemo muli Anova: Two-Factor Without Replication, milingo m'mizere, mabuloko m'madanga.

GogoChiwerengero
Za mabuloko mwanena zoona, ndinazisiya dala kuti tisamuunjikire. Koma sindivomera kuti asiye rigiresheni. ANOVA imuuza kuti milingo isanu ija ikusiyana, zimene tikuziona kale ndi maso. Funso lake ndi loti zokolola zikukwera motani, ndipo milingo yake ndi manambala otsatana. Mabuloko angalowe mu rigiresheni momwemo: madanga atatu a 0 ndi 1, la buloko 2, la buloko 3 ndi la buloko 4, buloko 1 osaipatsa danga. Popeza mlingo uliwonse uli m'buloko iliyonse kamodzi, 52.61 ndi 0.2647 sizisintha. Chisinthe ndi poyambira ndi Standard Error, imene itsike ngati mabuloko akusiyanadi.

Sadziwa_Mpemba
Pa masamu sindikutsutsani. Koma oyesa ambiri a zaulimi akatsegula lipoti amayamba kufuna tebulo la ANOVA. Akalisowa amafunsa, ndipo mwana amanjenjemera kutsogolo kwa gulu.

Kabaza_Zingwangwa
Aike zonse ziwiri, si zambiri. Koma atumize uthenga kwa aphunzitsi ake awafunse chimene dipatimenti imafuna.

Nachisale_Ndirande
Ndawatumizira, sanayankhe. Pakali pano ndalemba ndime iyi, mundiuze ngati ili bwino. Lipoti lenileni ndi la m'Chingerezi koma ganizo lake ndi ili: "Zokolola za chimanga zinakwera ndi naitirojeni koma kukwerako kunkachepa. Pa mapoloti 20, fomula inali zokolola = 1,420 + 52.6N − 0.265N², N ali m'makilogalamu pa hekitala kuyambira 0 mpaka 92, R² = 0.88, ndipo gawo lokhota linali ndi p = 0.013. Malinga ndi fomulayi, makilogalamu 23 oyamba anawonjezera 1,070 pamene 23 omaliza anawonjezera 230."

GogoChiwerengero
Yamveka bwino. Uwonjezere Standard Error ya 52.6 ndi ya 0.265, ndipo unene kuti ndi munda umodzi, nyengo imodzi. Tebulo la Excel usalimate lonse ndi manambala ake aataliatali, lemba lako laling'ono, lonselo lipite kumapeto kwa lipoti. Gilafu ikhale ya Scatter, osati ya Line, madontho onse 20 aoneke, ndipo mzere uthere pa 92.

Namadzi_Alangizi
Chimodzi chomaliza kwa ine. Zokololazi munazisintha kuti zikhale pa chinyezi chofanana? Chimanga chothiridwa naitirojeni wambiri chimatha kuchedwa kuuma, ndiye mukayeza tsiku lokolola mumayeza ndi madzi omwe. Timabweza zonse pa 12.5 pa 100. Ngati kulemera kuli mu E2 ndipo chinyezi chili mu F2:

```
=E2*(100-F2)/(100-12.5)
```

Nachisale_Ndirande
Amalume mwandidzidzimutsa. Chinyezi tinayeza poloti iliyonse ndi kamakina kobwereka, manambala ali m'buku la kumunda, koma sindikukumbukira ngati mnzanga amene analowetsa deta anawagwiritsa ntchito. Bukulo lili kwa iye ku Chilomoni. Ndikalitenga mawa m'mawa, ndipo ngati sanasinthe ndibwereza zonse kuyambira pa danga D.

Kabaza_Zingwangwa
Mukasintha manambala mukumbukire kuti tebulo la Data Analysis silisintha lokha, muyenera kudinanso Regression. LINEST yokha ndi imene imatsatira.

Sadziwa_Mpemba
Ndipo mutiuze zimene mabuloko aonetsa. Ndikufuna ndione ngati 376 uja atsike.